Oda yanu yaima pa Processing: mudikire mpaka liti?

Ndalama munalipira sabata yatha, meseji ya ku banki inabwera, koma mukatsegula tsamba la sitolo ya pa intaneti mukupezabe mawu omwe aja pansi pa nambala ya oda yanu: Processing. Dzulo anali omwewo, lero ndi omwewo. Ambiri tikafika pamenepa timayamba kuwerenga masiku. Akakwana asanu mtima umayamba kukwera, akakwana khumi timati basi, tadyeredwa.

Vuto ndi lakuti masiku amene mawuwa akhala pa sikirini satiuza zambiri. Oda ikhoza kukhala pa Processing masiku khumi ndi awiri pamene katundu ali kale pa msewu. Ina ikhoza kusintha tsiku lomwelo n'kulemba Shipped pamene palibe bokosi lililonse limene latuluka pakhomo. Masiku oyenera kuwasunga m'mutu ndi awiri okha: tsiku limene wogulitsa analonjeza kuti katundu anyamuka, ndi tsiku lomaliza limene banki kapena msika umene munagulirapo ungakuthandizeni kubweza ndalama. Zina zonse zimachitika pakati pa masiku awiriwa.

Zimene zimachitika kuseri kwa sikirini

Masitolo ang'onoang'ono ambiri a pa intaneti, a ku South Africa, a ku Britain, ngakhale ena a kuno kwathu, amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa WooCommerce. Ndi bwino kudziwa mmene imagwirira ntchito, chifukwa masitolo ena ambiri amatsata njira yofanana nayo. Mukadina batani logulira koma ndalama zisanalowe, oda imalembedwa Pending payment. Mukasankha kulipira potumiza ndalama ku akaunti ya ku banki ya sitolo, imalembedwa On hold, kudikira kuti munthu wa m'sitolomo aone ndi maso ake kuti ndalama zafika. Mukalipira ndi khadi n'kutheka, makina amasintha okha n'kulemba Processing. Pamenepo zimene zachitika ndi ziwiri: ndalama zalandiridwa, ndipo pa chiwerengero cha katundu wa m'sitolo achotsapo chimodzi. Palibe munthu amene wagwira bokosi, mwinanso palibe amene waiona oda yanu.

Kuchoka pa Processing sikuchitika kokha. Pamafunika munthu alowe m'kompyuta ndi kusintha oda kuti ikhale Completed. Ndiponso WooCommerce, mmene imabwerera, ilibe malo olembapo Shipped. Mwini sitolo amene akufuna zimenezo amachita kuwonjezera yekha. Tsono taganizirani sitolo ya anthu awiri, wina akumanga mabokosi, wina akuyankha mafoni. Katundu wanu amunyamula Lachitatu, koma zokonza m'kompyuta amazichita Loweruka, kapena amadikira kuti phukusi lifike kaye kwa mwini wake. Inu mukuona ngati zaima, pamene kwaima ndi kudina batani basi.

Pa misika ikuluikulu monga AliExpress, eBay ndi Amazon zinthu n'zokhwimirako, chifukwa wogulitsa amapatsidwa masiku oti akhale atatumiza, ndipo msikawo umamuwerengera. Pa AliExpress masikuwo akatha iye asanalowetse nambala yolondolera katundu, oda imatsekedwa ndipo ndalama zimabwerera kwa wogula. Tibwereranso pa mfundo imeneyi, chifukwa ndi pomwe ogulitsa ena amachenjerera.

Chinthu choyamba kuchita, musanalembere wina aliyense, ndi kuona akaunti yanu ya ku banki. Kodi ndalama zachokadi, kapena zangogwidwa? Munthu akalipira ndi khadi, nthawi zambiri banki imayamba yazitsekera ndalamazo pambali, kudikira kuti wogulitsa azitenge. Simungazigwiritse ntchito, koma sizinapite. Amazon, pa katundu amene imagulitsa yokha, nthawi zambiri imadula ndalama katundu akamanyamuka. Wogulitsa akapanda kuzitenga, ndalama zogwidwazo zimamasulidwa pakatha masiku angapo, ndipo mabanki ena amatenga mpaka mwezi. Ngati zanu zangogwidwa, palibe chimene mwataya kupatula nthawi. Ngati zadulidwadi, ndiye kuti kuwerenga masiku kwayamba.

Zimene ogulitsa amatanthauza nthawi zambiri

Chofala kwambiri, ndipo chimakhumudwitsa anthu pachabe, ndi kawerengedwe ka masiku. Sitolo ikalemba kuti imatumiza pakati pa masiku 5 ndi 7, imanena masiku ogwira ntchito. Loweruka, Lamulungu ndi maholide a dziko la wogulitsayo sawerengedwa, ndipo tsiku limene munalipira nthawi zambiri siliwerengedwanso. Masiku 7 ogwira ntchito ndi masiku 9 kapena kuposerapo pa kalendala. Komanso masiku amenewa ndi okonzera katundu kuti anyamuke. A paulendo amawerengedwa paokha.

Kwa ogula ku China, kalendala ya kumeneko ndi yofunika kuidziwa. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ndipo ngakhale holide ya boma ndi ya masiku ochepa, mafakitale ambiri amatseka masabata awiri kapena kuposa chifukwa antchito amapita kumidzi kwawo. Sabata yoyamba ya Okutobala ndi holidenso. Pa 11 Novembala pamakhala seli yaikulu kwambiri ya chaka, kenako Black Friday kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo maoda amachuluka kuposa manja omanga mabokosi. Oda ya m'nyengo zimenezi ikakhala pa Processing sabata ndi theka, si zachilendo.

Chachiwiri chimatikhudza kwambiri ife ogula kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Masitolo amaopa makhadi obedwa, chifukwa mwini khadi akadandaula ku banki, amene amaluza ndi sitolo: katundu wapita, ndalama abweza. Choncho ali ndi makina amene amayang'ana ngati zinthu zikugwirizana. Khadi ndi la banki ya ku Lilongwe, foni imene yaoda ili ku Mzuzu, adiresi yolandirira ili ku Johannesburg kapena ku nyumba ya kampani yotumiza katundu ku Britain, ndipo dzina la wolandira ndi lina. Kwa ife zimenezi ndi za masiku onse, ndi mmene timagulira. Kwa makina aja zimafanana ndendende ndi mmene wakuba amagulira, ndiye oda amaiika pambali kuti munthu aione. Kawirikawiri amatumiza imelo yopempha kuti mutsimikize kuti ndinudi, ndipo imeloyo imagwera mu Spam kapena Promotions. Wogula akudikira sitolo, sitolo ikudikira wogula, sabata n'kutha. Sakani dzina la sitolo mu imelo yanu yonse musanaganize zoipa.

Apa ndichenjeze, chifukwa akuba amadziwanso kuti anthu amayembekezera imelo yotereyi. Sitolo yeniyeni ingapemphe kuti mutsimikize adiresi, kapena mutumize chithunzi cha chiphaso, kapena munene manambala anayi omaliza a khadi. Singapemphe pini, manambala atatu a kuseri kwa khadi, kapena nambala yachinsinsi imene banki yakutumizirani pa meseji. Wopempha zimenezo musamuyankhe.

Chachitatu ndi katundu amene kulibe. Tsamba linalemba In stock, koma chomaliza chinagulidwa m'sitolo yeniyeni dzulo lake ndipo m'kompyuta sanasinthe. Kapena munaoda zinthu zinayi, zitatu zilipo, chimodzi akudikira, ndipo sitolo sikufuna kulipira kawiri mtengo wotumizira, ndiye yasunga zonse. Vuto ili ndi losavuta kulithetsa mukalidziwa: auzeni achotse chosowacho, abweze ndalama yake, atumize zotsalazo.

Palinso ogulitsa amene sasunga katundu n'komwe. Amajambulitsa zithunzi, amaika mitengo, ndipo mukalipira m'pamene iwo amakaoda kwa wina, nthawi zambiri ku China, kuti atumize kwa inu. Malondawa si oletsedwa, koma masiku anu a Processing amakhala masiku amene iwo akudikiranso wogulitsa wawo. Amalonda athu a pa WhatsApp ndi Facebook amene amalandira maoda a nsapato, mawigi, mafoni kapena zida za galimoto amachita zofanana, kungoti iwo salemba Processing, amati "katundu ali m'njira, mayi" kapena "tikudikira kontena idzaze". Mawu achiwiriwa nthawi zambiri amakhala oona. Wotumiza katundu kuchokera ku Guangzhou amasonkhanitsa mabokosi a anthu ambiri, ndipo sanyamuka mpaka malo atadzaza. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki a ku Malawi kumawonjezera pamenepo: wamalonda walandira makwacha anu, koma madola olipirira kunja sanawapeze. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali atasunga makwacha a makasitomala asanawasinthe anapezeka kuti ndalamazo sizikukwananso kugula zimene analonjeza. Munthu wotereyo sikuti ndi wakuba, koma ndalama zanu zili pangozi chimodzimodzi, ndipo muli ndi ufulu womufunsa mwachindunji ngati katundu wanu wagulidwa kale kapena ayi.

Tiyeni titsate oda imodzi

Tiyerekeze bambo wina wa ku Blantyre amene watopa ndi kuzima kwa magetsi. Wapeza inveta ya sola pa sitolo ya pa intaneti ya ku South Africa, mtengo wake R6,500. Walipira ndi khadi la Visa Lolemba pa 2 Malichi, ndipo walemba adiresi ya mlamu wake ku Johannesburg, amene adzaikweze basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Tsamba la sitolo likuti katundu amanyamuka pakati pa masiku 5 ndi 7 ogwira ntchito.

Tsiku lomwelo, asanatseke foni, ajambule zinthu zitatu: tsamba la inveta losonyeza mtengo ndi mawu akuti In stock, tsamba lolonjeza masiku 5 mpaka 7, ndi imelo yotsimikiza oda. Masamba a pa intaneti amasintha, ndipo tsiku lodandaula ku banki adzafunsidwa umboni wa zimene analonjezedwa.

Kuwerenga kuyamba Lachiwiri pa 3. Tsiku lachisanu ndi Lolemba pa 9, lachisanu ndi chiwiri ndi Lachitatu pa 11 Malichi. Kufikira pa 11, Processing ilibe chimene ikunena, ndipo kuimba foni tsiku lililonse sikungafulumizitse kanthu. Chokha chimene angachite m'masiku amenewa ndi kusaka imelo yotsimikizira ija, chifukwa oda yake ili ndi zonse zimene makina amakayikira: khadi la ku Malawi, adiresi ya ku Johannesburg, dzina la wolandira losiyana ndi la wolipira.

Lachinayi pa 12 alembe, ndipo alembe pa imelo kapena pa fomu ya sitolo, osati kungoimba, kuti mawu atsale. Kafunsidwe kake ndi kofunika kwambiri. Akangofunsa kuti oda yanga ili pati, adzayankhidwa kuti ikukonzedwa, ndipo adzakhala pomwe anali. Alembe nambala ya oda, tsiku limene analipira, ndi mafunso atatu amene sangayankhidwe mozemba: kodi inveta ili m'nyumba yanu yosungiramo katundu panopa, kapena mukuidikira kwa wina? Idzaperekedwa kwa onyamula tsiku liti? Ndi kampani iti idzanyamule?

Yankho lake ndi limene limasiyanitsa ogulitsa. Wachilungamo, ngakhale atachedwa, amayankha ndi zinthu zogwirika: yatha, ina ifika Lachisanu, mukafuna tikubwezerani ndalama kapena tikupatsani ya mtundu wina. Amatchula tsiku, amatchula chifukwa, ndipo nkhani yobweza ndalama amaiyamba yekha osadikira kukakamizidwa. Wotereyu mukhoza kumudikira sabata ina. Wokayikitsa amayankha mwaulemu kwambiri koma mulibe tsiku m'mawu ake, ndipo mukafunsanso mumalandira mawu omwewo osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Tinene kuti bambo uja wauzidwa kuti inveta inyamuka Lachiwiri pa 17, ndipo pa 17 padutsa kuli zii. Apa lamulo la ku South Africa lili kumbali yake. Lamulo la 2002 loona za malonda a pa makina, lodziwika kuti ECTA, pa ndime 46 limati wogulitsa akwaniritse oda pasanathe masiku 30, pokhapokha ngati anagwirizana nthawi ina. Akalephera m'masiku 30 kapena m'nthawi imene anagwirizanayo, wogula akhoza kuthetsa mgwirizano popereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 7. Ngati chifukwa chake n'chakuti katundu kulibe, wogulitsa ayenera kumudziwitsa nthawi yomweyo ndi kubweza ndalama pasanathe masiku 30. Choncho pa 18 Malichi bamboyo alembe kuti akuthetsa oda, ndipo ngati pofika pa 25 sanalandire nambala yolondolera katundu imene ikuyenda, akufuna ndalama zake zonse zibwerere pa khadi lomwelo limene analipirira.

Pa 26 ngati palibe chachitika, apite ku banki yake ndi zithunzi zija, maimelo onse ndi sitetimenti, akanene kuti akufuna kudandaula za katundu amene analipira pa khadi koma sanalandire. A ku banki amati chajibaki. Pa makhadi a Visa ndi Mastercard malire ake nthawi zambiri ndi masiku 120. Pali njira zowerengera kuyambira tsiku limene katundu amayenera kufika, koma chanzeru ndi kuwerenga kuyambira tsiku lolipira, zimene kwa iye zikutanthauza pa 30 Juni. Miyezi inayi imaoneka yambiri mu Malichi. Imatha msanga munthu akamapatsidwa sabata imodzi imodzi, ndipo ine ndingati asadikire kupitirira mwezi umodzi kuchokera tsiku lolonjezedwa. Banki idzafunsa ngati anayesa kukambirana ndi wogulitsa, n'chifukwa chake maimelo a pa 12 ndi pa 18 ndi ofunika.

Abale athu okhala ku Britain ali ndi chitetezo chofanana: lamulo la ogula la 2015 limati katundu afike pasanathe masiku 30 ngati panalibe mgwirizano wina, ndipo malamulo a 2013 amalola wogula pa intaneti kuthetsa oda ya katundu wambiri kuyambira tsiku looda mpaka masiku 14 atalandira. Ku America, lamulo la bungwe la FTC limati wogulitsa atumize m'nthawi imene analonjeza, kapena m'masiku 30 ngati sanatchule nthawi, ndipo akachedwa adziwitse wogula n'kumupatsa mwayi wobweza ndalama. Munthu ali ku Zomba sangakasumire sitolo ya ku Durban kapena ku Leeds chifukwa cha inveta imodzi, izo n'zoona. Koma sitolo yeniyeni imadziwa malamulo a dziko lake, ndipo kalata yotchula ndime ndi tsiku imawerengedwa mosiyana ndi meseji yodandaula.

Nthawi yoyenera kuda nkhawa

Zizindikiro zoopsa zili ndi khalidwe limodzi. Zonse zimafuna kuti masiku anu odandaulira athe, kapena kuti muchoke pamalo amene muli otetezedwa.

Choyamba ndi kupemphedwa kuwonjezera nthawi. Pa AliExpress wogulitsa amene masiku ake atsala pang'ono kutha akhoza kukupemphani kuti mudine Extend processing time. Kamodzi, ndi chifukwa chomveka ndi tsiku lotchulidwa, palibe cholakwa. Koma dziwani kuti mukadina mukuimitsa nokha kubwezedwa kwa ndalama kumene kukanachitika popanda inu kuvutika. Akapempha kachiwiri, kanani, oda itsekeke, mugule kwa wina.

Chachiwiri ndi nambala yolondolera katundu imene sikuyenda. Wogulitsa akaona kuti masiku amuthera, akhoza kungosindikiza pepala lomata pa bokosi, nambala n'kutuluka, oda n'kusintha kukhala Shipped. Wogula amapuma, poganiza kuti vuto latha. Koperani nambalayo mukaiike pa tsamba la kampani yonyamula katundu, kapena pa 17TRACK, osangokhulupirira zimene tsamba la sitolo likuonetsa. Ngati mukuona mzere umodzi wokha, monga Label created kapena Shipment information received, ndiye kuti kampani yonyamula yangouzidwa kuti phukusi libwera, koma sinaligwire. Masiku awiri kapena atatu zili choncho si vuto. Sabata yathunthu popanda mzere wachiwiri wosonyeza mzinda ndi nthawi, oda yanu ikadali pa Processing, yangosintha dzina. Nambala za positi za pakati pa mayiko zimakhala ndi zilembo ndi manambala 13: zilembo ziwiri, manambala asanu ndi anayi, ndi zilembo ziwiri za dziko lotumiza, monga CN ya China kapena ZA ya South Africa. Sitolo ikanena kuti katundu ali ku Johannesburg koma nambala ikuthera pa CN, mwadziwa kumene akuchokera ndi kutalika kwa ulendo wake. Ndipo nambala ikasonyeza kuti phukusi laperekedwa kale ku tauni imene simukukhala, dandaulani tsiku lomwelo, chifukwa pali ogulitsa achinyengo amene amapereka nambala ya phukusi la munthu wina.

Musasokoneze zimenezi ndi mawu a Processing amene amaoneka phukusi lili kale paulendo, pa malo osankhira makalata kapena pa kasitomu. Amenewo akunena za onyamula kapena a msonkho, osati wogulitsa. Phukusi likaima pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la ku Chileka, ofunsidwa ndi kampani yonyamula, a positi kapena a MRA.

Chachitatu, ndipo ichi ndi choopsa kuposa zonse, ndi kupemphedwa ndalama zina kapena njira ina yolipirira. Amati oda yaima chifukwa pakufunika ya inshuwalansi, ya kasitomu, ya kumasula phukusi, ndipo mutumize ku nambala iyi. Katundu amene sananyamuke sangakhale ndi msonkho wa pa kasitomu ya kuno. Msonkho umawerengedwa katundu akafika, ndipo umakhala ndi lisiti. Ena amati makina a khadi avuta, thetsani oda, tikuchotserani 10 peresenti mukatumiza ku akaunti iyi, kapena pa PayPal musankhe Friends and Family. Njira imeneyo ya PayPal ilibe chitetezo cha ogula ngakhale pang'ono. Enanso amapempha kuti mudine Confirm receipt katundu asanafike, kapena mutseke dandaulo limene mwatsegula kuti akubwezereni mwamsanga. Mukadina kuti mwalandira, msika umapereka ndalama kwa wogulitsa. Dandaulo la pa PayPal mukalitseka silitsegukanso.

Chachinayi ndi sitolo imene ikuzimiririka. Imelo ikubwerera, foni sikulira, chinthu chimene munagula chachotsedwa pa tsamba, ndemanga za pa Facebook atseka. Kwa sitolo ya ku South Africa, lamulo lomwe lija la ECTA limafuna kuti isonyeze dzina lake lonse, adiresi yeniyeni, foni ndi nambala ya kaundula wa kampani. Kusowa kwa zimenezi n'chizindikiro kale. Sakani dzina la sitolo pa HelloPeter kapena Trustpilot, ndipo muyang'ane ndemanga za masabata apitawa, osati za chaka chatha, chifukwa sitolo imene inali yabwino ikhoza kukhala ikugwa. Sitolo ikamagwa imagwiritsa ntchito ndalama za oda ya lero kukwaniritsa oda ya mwezi watha, ndipo amene amachedwa kudandaula ndi amene amatsala manja lende. Mukhozanso kulemba whois ndi dzina la tsambalo pa Google kuti muone tsiku limene linalembetsedwa. Tsamba la miyezi iwiri limene likudzitama kuti latumikira anthu zaka khumi, ndipo mitengo yake ndi theka la ya ena onse, musalipatse sabata ina. Pitani ku banki mawa.

Malire a masiku amasiyana malinga ndi njira imene munalipirira, ndipo ndi bwino kulemba tsiku lanu pa kalendala ya foni tsiku lomwe mwagula. PayPal imapereka masiku 180 kuchokera tsiku lolipira kuti mutsegule dandaulo la katundu amene sanafike, ndipo mukalitsegula muli ndi masiku 20 oti mulikweze kuti a PayPal aweruze, apo ayi limatsekeka lokha. Pa eBay ndi masiku 30 kuchokera tsiku lomaliza limene katundu amayenera kufika. Pa Amazon, kwa katundu wa ogulitsa ena, ndi masiku 90 kuchokera tsiku lomaliza lolonjezedwa. Makampaniwa amasintha malamulo awo nthawi ndi nthawi, choncho tsiku lolembedwa pa tsamba la oda yanu ndi limene muyenera kutsata.

Amene analipira pa foni

Zonsezi zikuthandiza amene analipira ndi khadi kapena kudzera pa msika. Koma malonda ambiri a kwathu amayenda pa Airtel Money, TNM Mpamba ndi kutumizirana ku akaunti, ndipo kumeneko kulibe chajibaki. Ndalama yotumizidwa ku nambala ya munthu ili ngati yoperekedwa pamanja pa msika: mwini wake akaitapa kwa ejenti, yapita. Makampani a mafoni ali ndi njira yobweza ndalama yotumizidwa molakwika, koma imadalira kuti ndalamayo ikhale isanatapidwe, ndipo siinapangidwire kuweruza mkangano wa katundu amene wachedwa masabata atatu.

Choncho kwa wogula wotere, kudikira kuyenera kukhala kwakufupi ndipo mafunso akhale okhwima. Wamalonda akati katundu ali m'njira, mufunseni chithunzi cha lisiti la kumene anaoda, kapena cha bokosi lolembedwa dzina lake ku nyumba ya otumiza, ndi tsiku limene ndege kapena sitima inanyamuka. Amene anaodadi amakhala nazo mu foni, ndipo sakwiya mukafunsa. Katundu wa pa ndege kuchokera ku China amatenga masabata ochepa, wa pa nyanja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam amatenga miyezi, ndiye dziwani msanga kuti wanu akuyenda njira iti musanayambe kukangana za masiku. Gwirizanani pa meseji tsiku limene, katundu akapanda kufika, ndalama zidzabwezedwe, ndipo sungani meseji yotsimikiza kutumiza ndalama yokhala ndi nambala yake.

Tsikulo likadutsa ndipo munthu wayamba kuzemba, pali kokadandaula. Wamalonda wodziwika, wa sitolo kapena kampani, mukhoza kumutengera ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene limalandira madandaulo a ogula ku Malawi. Ku Zambia kuli la CCPC. Ngati nambala yazima ndipo akutsekerani pa WhatsApp, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo dziwitsaninso kampani ya foni tsiku lomwelo, chifukwa nambala zonse zinalembetsedwa ndi chiphaso ndipo apolisi akhoza kufufuza mwini wake. Pa oda yotsatira kwa wamalonda amene simunagulepo, perekani gawo lokha, theka kapena kucheperapo, lotsalalo mudzamalize katundu ali m'manja mwanu.